Mnzanu Akakupatsani Kalata Yofunsira Nchito Kuti Muione

Caka ndi caka, maphunziro akamayandikira kumapeto, timaona mapepala akuyenda m'manja mwa ophunzira. Wina walemba kalata yofunsira nchito pa famu, aipereka kwa mnzake ndi kunena kuti, "Tandionerankoni." Mnzakeyo aiwerenga ali ciimire, aibweza ndi kumwetulira, nati, "Ili bwino cabe, tumizani." Kalata ipita, milungu idutsa, yankho silibwera, ndipo wolembayo sadziwa cimene cinalakwika. Palinso mtundu wina wa mnzake, amene amatenga bolopeni yofiira ndi kudzaza pepala lonse ndi mizere mpaka mwini wake acita manyazi kulilandiranso. Onse awiri amaganiza kuti athandiza. Akuluakulu anati wakutsina khutu ndi mnansi, koma anatisiyira ife nchito yophunzira katsinidwe kake.

Tifotokoza nkhaniyi potsata kalata imodzi imene mnzathu wina, amene anaphunzira pano zaka zapitazo, anatibweretsera. Dzina lake ndi la famu sitichula, ndipo iye anavomera kuti tilembe. Kalatayo inali m'Cingelezi, monga mwa cizolowezi ca makalata a nchito m'dziko lathu, koma mau ake tiwapereka m'Cinyanja.

Famu ina yoweta nkhuku za nyama inalengeza kuti ikufuna kapitawo wa makola. Cilengezoco cinachula zinthu zinai: satifiketi ya zaulimi, zaka ziwiri za kuweta nkhuku za nyama, kudziwa kulemba mabuku a m'khola, ndi kulola kukhala pa famu pomwepo. Makalata anayenera kupita kwa manijala wa famu, ndipo panatsala masiku asanu kuti atseke.

Tisanagwire kalatayo tinapempha kuona cilengezo. Ambiri amadumpha zimenezi, komatu popanda cilengezo simungathe kuweruza kanthu. Kalata yofunsira nchito ndi yankho la funso limene mwini nchito wafunsa, ndipo yankho limadziwika kukoma kwake likaikidwa pafupi ndi funso. Munthu akhoza kulemba Cingelezi cosalala bwino koma osayankha ngakhale cimodzi ca zinthu zinai zija. Tinafunsanso tsiku lotsekera, pakuti uphungu umene ungaperekedwe kutatsala masiku asanu ndi wosiyana ndi umene ungaperekedwe kutatsala usiku umodzi. Kuuza munthu kuti alembenso kalata yonse pamene basi yake inyamuka m'mawa ndi kumusokoneza cabe. Pa nthawi yotere mumasankha zolakwa ziwiri zazikulu zimene angakonze asanagone, zinazo mumazisiya.

Tsono tinawerenga kawiri. Ulendo woyamba tinawerenga mofulumira, opanda colembera m'manja, tikudziyesa manijala amene ali ndi mulu wa makalata patebulo ndi nkhuku zikumudikira kunja. Titamaliza tinatembenuza pepala ndi kudzifunsa cimene tatsala naco m'mutu. Tinatsala ndi zinthu ziwiri: kuti munthuyu ali pa mavuto kwao, ndi kuti amadzicha wolimbikira. Za nkhuku sitinakumbukire kanthu. Ulendo waciwiri tinawerenga pang'onopang'ono ndi pensulo, tikuika kadontho m'mphepete paliponse pamene tinapunthwa, osalemba mau. Madontho anakwana 14.

Apa ndi pamene uphungu wambiri umasokonekera, cifukwa munthu amafuna kunena zonse 14 motsatana monga anazipezera, kuyambira pamwamba pa pepala mpaka pansi. Potero cilembo cimodzi colakwika cimalemera mofanana ndi bodza, ndipo womvera amatopa musanafike pa cacikulu. Mlimi popatulira cimanga sazula ciliconse cimene caoneka cofooka. Amayang'ana phando lililonse ndi kusankha. Nafenso tinagawa madontho athu. Atatu anali a zinthu zimene zikanacititsa kuti kalata itayidwe kapena kuti mnzathuyo akacite manyazi pa tsiku la mafunso. Otsalawo anali a kalembedwe ndi zizindikiro za m'kalembedwe, zimene zikanatha kudikira, ndipo ambiri a iwo anali m'ndime zimene tinkayembekezera kuti zicotsedwa ndithu. Palibe phindu kukonza zilembo m'ciganizo cimene mawa sicidzakhalapo.

Tinakhala pansi awiriwiri, kumbali, osati pa khonde la sitolo pamene ena akumvera. Tinayamba ndi cimene cinali cabwino, ndipo pa ici tifuna kucenjeza. Kuyamikira kongofewetsera mtima munthu amakuzindikira msanga, ndipo amangodikira mau akuti "koma". Kuyamikira kothandiza kumaloza malo enieni ndi kunena cifukwa. Ndime yotsiriza ya kalatayo inanena momveka kuti iye ndi wokonzeka kukhala pa famu ndi kuyamba nchito pa tsiku loyamba la mwezi wotsatira. Tinati, "Mbale wanga, ndime iyi musaikhudze. Yayankha cinthu cacinai ca m'cilengezo ndipo yachula tsiku. Manijala safunika kukuimbirani foni kuti afunse." Mau amenewo anamuuza zinthu ziwiri pamodzi: kuti pali cimene wacita bwino, ndi kuti ndime zinazo ziyenera kufanana ndi imeneyi.

Cofooka coyamba cinali m'ndime yoyamba. Inali ndi mizere isanu ndi umodzi yofotokoza kuti atate ake anamwalira, kuti akulera ang'ono ake atatu, ndi kuti akupempha modzicepetsa kuti amumvere cifundo. Zonsezo zinali zoona, ndipo ife tikuzidziwa bwino, n'cifukwa cake ndime imeneyi inali yovuta kuikhudza. Kunena kuti "Izi n'zosafunika" kukanakhala ngati kunena kuti mavuto ake ndi acabe. Cimene tinacita ndi kumuuza zimene zinatigwera powerenga. Tinati, "Nditafika pa mzere wacisanu ndi cimodzi ndinali ndisanadziwe nchito imene mukufunsira. Ndinamva cisoni, koma ndinali ndisanaone munthu amene ndingamusiyire makola anga. Manijala ali ndi mantha akeake, kuti anapiye angafe usiku m'nyengo yozizira. Kalata iyenera kuyamba ndi kutonthoza mantha a iyeyo."

Onani kusiyana kwa kanenedwe. Mukanena kuti "Mwalemba zopemphetsa," mwaweruza munthu, ndipo iye adzadziteteza. Mukanena kuti "Nditafika apa ndinali ndisanadziwe nchito imene mukufuna," mwanena zimene zinacitika kwa inu, ndipo palibe cotsutsa pamenepo, pakuti ndi inu amene munawerenga. Kufatsa kwa mau kumeneku sikucepetsa uthenga. Tinanena mosabisa kuti ndimeyo icoke yonse, ndi kuti m'malo mwake mubwere ziganizo ziwiri: nchito imene akufunsira, kumene anaona cilengezo, ndi satifiketi imene ali nayo.

Cofooka caciwiri ndi cimene timacipeza pafupifupi m'kalata iliyonse ya ophunzira athu, tsono tikhalapo pang'ono. Ndime yapakati inati: "Ndine munthu wolimbikira nchito, wokhulupirika, waulemu, ndipo ndimadziwa zonse za nkhuku." Ciganizo cotere aliyense angacilembe, waulesi ndi wakhama yemwe, ndipo cifukwa ca cimeneco manijala sacipatsa kulemera kulikonse. Koma kuuza mnzanu kuti "Onjezerani zitsanzo" sikumuthandiza, cifukwa akanadziwa zitsanzo zofunika akanazilemba kale. Anthu ambiri saona kuti nchito imene amagwira tsiku ndi tsiku ndi umboni. Nchito ya mnzake ndi kuifukula ndi mafunso.

Tinaika pepala pansi ndi kuyamba kuceza. "Pa famu paja munagwira nchito caka catha, munkasunga anapiye angati nthawi imodzi?" Anati 500. "Magulu angati?" Anati asanu ndi limodzi, m'miyezi 14. "Gulu lotsiriza munagulitsa zingati?" Apa anatulutsa m'cikwama kabuku kakuda ndi litsiro la m'khola, nakatsegula. Pa anapiye 500, nkhuku 478 zinafika pa msika zili ndi milungu isanu ndi umodzi. Zinafa 22, ndiko kuti zosakwana zisanu pa 100 iliyonse, ndipo aliyense woweta nkhuku za nyama amadziwa kuti kumeneko ndi kusamala kwabwino. Zinadya matumba 40 a makilogalamu 50. M'kabukumo munalinso masiku a katemera wa cideru ndi wa gumboro, ndiponso kutentha kwa m'cipinda ca anapiye kumene ankalemba m'mawa ndi usiku, kuyambira pa madigiri 32 mlungu woyamba ndi kumatsitsa pang'onopang'ono mlungu uliwonse. Anatiuzanso, ngati nkhani wamba, kuti m'mwezi wa Juni ankadzuka kawiri usiku kukaonjezera makala m'mbaula.

Tinamuyang'ana ndi kunena kuti, "Mbale wanga, kalata yanu ili m'kabuku aka. Cilengezo cikufuna munthu wodziwa kulemba mabuku a m'khola, inu muli nalo buku m'cikwama, koma m'kalata simunalichule ngakhale kamodzi." Anaseka, nati ankaganiza kuti zimenezo ndi zazing'ono zosayenera kalata ya ulemu. Tinamupempha kuti anene ndi pakamwa, m'ziganizo zitatu, zimene anali atangotiuza, kenaka azilembe yekha. Zimene analemba zinali pafupifupi izi: kuti kwa miyezi 14 anasamalira magulu asanu ndi limodzi a nkhuku za nyama, 500 gulu lililonse, kuti pa gulu lotsiriza 478 zinafika pa msika pa milungu isanu ndi umodzi, ndi kuti amalemba tsiku ndi tsiku cakudya, katemera, kutentha ndi imfa, ndipo ndi wokonzeka kubweretsa bukulo pa tsiku la mafunso. Mau akuti "wolimbikira" sanafunikenso. Munthu amene amadzuka kawiri usiku m'Juni safunika kudzicha dzina limenelo.

Tikugogomeza kuti analemba yekha. Ciyeso cacikulu kwa amene amadziwa bwino Cingelezi ndico kulanda colembera ndi kulemba kalata yonse m'malo mwa mnzake. Kumaoneka ngati cikondi, ndipo n'kofulumira kuposa kufunsa mafunso. Koma kalata imeneyo imanyamula mau amene mwini wake sangathe kuwafotokoza, ndipo manijala akadzamva kalankhulidwe kake pa tsiku la mafunso adzazindikira kuti wolemba ndi wolankhula ndi anthu awiri. Kuyambira pamenepo adzakayikira ngakhale manambala oona. Ndiponso mnzanuyo adzabweranso kwa inu pa kalata yotsatira ali wosadziwa monga kale. Ngati ciganizo cina camukanika ndithu, mungamuonetse citsanzo pa pepala lina, ca nchito ina, monga ya kudimba, kuti aone mpangidwe wake ndi kubwerera yekha ku nkhuku zake.

Cofooka cacitatu cinali cobisika m'ciganizo cimodzi cacifupi, koma cinali coopsa kuposa zonse. Analemba kuti, "Ndayang'anira nkhuku zikwi zambiri kwa zaka zoposa ziwiri." Titamva za miyezi 14 tinadziwa kuti zakazo sizikukwana. Za zikwi, mwina anaphatikiza magulu onse asanu ndi limodzi ndi kupeza 3,000, koma wowerenga adzamva kuti anasunga zikwi nthawi imodzi, ndipo khola la nkhuku 500 ndi losiyana kwambiri ndi la zikwi zingapo m'kayendetsedwe ka mpweya, madzi ndi anchito. Pa nkhani yotere munthu sayenera kuzungulira kapena kuiseketsa. Sitinamuche wabodza, pakuti tinkadziwa kuti ndi mantha amene analemba ciganizoco, mantha akuti miyezi 14 siikwana pa zimene cilengezo cikufuna. Koma tinanena momveka kuti, "Ciganizo ici si coona monga cakhalira, ndipo sindingakulangizeni kuti mucitumize. Manijala adzaimbira foni mwini famu uja munamuchula kuti akucitireni umboni, adzafunsa kuti munakhalako nthawi yaitali bwanji, ndipo yankho likasiyana ndi kalata, nchito yatha pomwepo, pamodzi ndi dzina lanu m'dera lino."

Anakhala cete kanthawi. Tinamulekerera, cifukwa kudzaza cete ameneyu ndi mau opepesa kumafafaniza zimene mwangonena. Kenaka anafunsa cimene angacite ndi miyezi khumi yoperewerayo. Limeneli ndi funso labwino, ndipo amene waloza cofooka ayenera kukhala wokonzeka kuthandiza pa ilo. Tinagwirizana kuti anene zoona: miyezi 14 ya nchito yolipidwa, kuonjezera pa nthawi imene anagwira m'makola a pano pamene anali kuphunzira, ziwirizo zochulidwa padera kuti manijala awerengere yekha. Tinamuuzanso kuti sitingalonjeze kuti zidzakwanira, pakuti mafamu ena amaumirira pa zaka zimene alemba. Mnzanu woona sakulonjezani nchito imene si iye adzapereka.

Zazing'ono tinazisiya kufikira tsiku lotsatira, atalembanso. Pamenepo zinatsala zocepa, ndipo tinaziona m'mphindi khumi. Pamwamba anali atalembera "aliyense amene zimukhudza", pamene cilengezo cinanena kuti makalata apite kwa manijala wa famu. Pakati penapake panali dzina la famu ina, lotsalira kucokera m'kalata yakale imene anakopera. Nambala yake ya foni inali ndi manambala 9 m'malo mwa 10. Kalata inanena kuti waphatikiza satifiketi, ciphaso ca unzika ndi pepala la mbiri ya maphunziro ndi nchito, limene ambiri amalicha siivii, koma pa siiviiyo mwezi umene anayamba nchito unali wosiyana ndi wa m'kalata. Zolakwa zotere sizifuna kufewetsedwa ndi mau ambiri; mumangoloza ndi cala, iye akonza. Tikulangiza kuti pomaliza mwini kalata aiwerenge mokweza, inu mukumvera. Pamene apunthwa lilime kapena aperewera mpweya, ciganizo catalika, ndipo amazindikira yekha musanalankhule. Kalata yonse inakwana tsamba limodzi.

Kodi mungadziwe bwanji kuti uphungu wanu sukulowa? Pali zizindikiro ziwiri zimene taphunzira kuziyang'anira. Coyamba ndi pamene mnzanu ayamba kufotokoza cimene amatanthauza pa ciganizo ciliconse. Musakangane naye. Muuzeni kuti zimene wangonenazo n'zomveka bwino kuposa zimene zili pa pepala, ndi kuti manijala sadzakhala naye pafupi kuti amve kufotokozako, tsono azilembe momwemo. Caciwiri ndi coopsa cifukwa cimaoneka ngati kumvera: mnzanu angoti "cabwino, cabwino" pa ciliconse, uku akupinda pepala. Ameneyo wasiya kumva, mwina cifukwa mwanena zambiri kapena mwamucititsa manyazi. Imani pamenepo. Mufunseni kuti pa zimene mwakambirana, n'citi cimene adzayamba kukonza akafika kunyumba. Akalephera kuchula ngakhale cimodzi, bwererani ku cacikulu cokha ndi kusiya zinazo.

Nthawi zina wobweretsa kalata amakhala wamkulu kwa inu, mwina amalume anu kapena akulu amene anamaliza maphunziro inu musanabwere, amene akupatsani kalatayo cifukwa munapitirira pa sukulu. Mwambo wathu sulola kuti mwana awongole mkulu monga awongolera mnzake, ndipo ambiri pa cifukwa cimeneci amangoti "Ili bwino, amalume." Koma ulemu uli m'kanenedwe, ndipo cofookaco ciyenera kunenedwa ndithu. Njira ya mafunso imathandiza kwambiri pano. Mungati, "Amalume, ine pano sindinamvetse bwino. Kodi ng'ombe zimene munkasamalira zinali zingati? Ndikuganiza kuti bwana akadziwa nambala imeneyo angakondwe." Mkuluyo adzaona yekha cosowa, ndipo adzacikonza popanda kumva kuti mwana wamuphunzitsa. Koma ngati m'kalatamo muli cosaona, ngakhale amalume ayenera kuuzidwa kuti cidzawabweretsera manyazi.

Cinthu cimodzi mnzathu uja anakana. Tinaganiza kuti ciganizo cake cotsiriza cothokoza manijala cinali cacitali mopitirira, koma iye anati ndi mmene analeredwera, ndipo sangatseke kalata popanda kuthokoza mokwanira. Tinanena maganizo athu kamodzi ndi kulekera pomwepo, pakuti ciganizoco sicinali cabodza, sicinabise kanthu, ndipo dzina losainidwa pansi pake linali lake. Anatumiza kalatayo kutatsala masiku awiri. Pamene tikulemba zino waitanidwa kukayankha mafunso mlungu wamawa, ndipo kabuku kakuda kaja wakakuta ndi pepala la khaki kuti akapite nako.